Zoni imodzi ikazima, makasitomala alowere kuti?

Lachisanu pa 23 Ogasiti 2019, nthawi ili 12:36 masana ku Tokyo, maseva ena a kampani ya Amazon Web Services anayamba kuzima okha. Sikunachitike chivomezi ndipo moto sunabuke. Chinavuta ndi makina oziziritsa mpweya. Dongosolo lowalamulira linasokonezeka, kutentha m'zipinda kunakwera, maseva n'kuyamba kugona mmodzimmodzi. Akatswiri anadzutsa makina oziziritsawo cha m'ma 3:21, ndipo pofika 6:30 madzulo maseva ambiri anali atabwerera pa ntchito.

Vuto lonseli linagwera zoni imodzi yokha. Amene anaunjika maseva awo onse m'zoni imeneyo anangokhala manja ali m'khosi kudikira. Ambiri amene anawamwaza m'mazoni awiri kapena atatu anapitiriza malonda. Komabe patapita masiku AWS inavomereza kuti ena mwa omwazawo nawonso anavutika: masamba awo ankabweza uthenga wolephera pafupipafupi, makamaka amene lodi balansa yawo inkamatirira kasitomala aliyense ku seva imodzi kapena inali yolumikizidwa ku chotchinga cha WAF.

Nkhani ya ku Tokyo imasonyeza kuti kukhala ndi maseva m'malo awiri ndi chiyambi chabe. Payenera kukhala china chake pakhomo chimene chimadziwa msanga kuti seva yakutiyakuti yadwala, n'kusiya kuitumizira anthu. Ntchito imeneyo ndi ya lodi balansa, ndipo imaigwira bwino kapena moipa malinga ndi funso limene mwini wake waiuza kuti izifunsa.

Mazoni ndi mlonda wa pakhomo

AWS imagawa dziko m'madera, ndipo dera lililonse lili ndi mazoni angapo, amene pa sikirini amalembedwa kuti Availability Zones. Zoni ndi nyumba imodzi kapena zingapo za maseva zokhala ndi magetsi akeake, majenereta akeake ndi zingwe zakezake za netiweki. Mazoni a dera limodzi amatalikirana makilomita angapo, koma osapitirira 100, kuti madzi osefukira kapena moto usawagwire onse pamodzi, koma uthenga uziyendabe pakati pawo mwachangu. Aliyense amene anapitako ku chigayo n'kupeza magetsi athima amamvetsa nzeru yake: zigayo ziwiri zokoka pa thiransifoma imodzi zimaima limodzi.

Dera loyamba la AWS mu Africa linatsegulidwa ku Cape Town mu Epulo 2020. Dzina lake ndi `af-south-1`, ndipo lili ndi mazoni atatu. Kwa wolemba mapulogalamu wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka, limeneli ndiye dera loyandikira. Koma silikhala lotsegula lokha: mwini akaunti amayamba walitsegula m'makonzedwe a akaunti yake asanaikemo kanthu.

Lodi balansa ndi mlonda woima pakati pa makasitomala ndi maseva. Pempho lililonse lochokera pa foni kapena pa kompyuta limafikira kwa iyo, ndipo iyo imasankha seva yoti iyankhe. AWS inayamba kupereka chida chimenechi mu 2009, ndipo mu 2016 inatulutsa mtundu wa Application Load Balancer, umene umamva chilankhulo cha masamba a pa intaneti, HTTP ndi HTTPS. Mtundu umenewu umakana kumangidwa m'zoni imodzi yokha ya dera. Umafuna awiri kapena kuposerapo, chifukwa nawonso uli ndi nthambi m'zoni iliyonse, kuti mlonda mwiniyo asafere limodzi ndi nyumba imene akulondera.

Kuyala maziko

Tiyerekeze sitolo ya pa intaneti yogulitsa zipangizo za ulimi, yokhala ndi maseva anayi ku Cape Town. Awiri ali mu `af-south-1a`, awiri mu `af-south-1b`, ndipo pulogalamu yake imamvetsera pa poti 8080.

Woyang'anira amayamba ndi kudula netiweki yake m'magawo anayi otchedwa masabuneti. Sabuneti iliyonse imakhala m'zoni imodzi basi, singatambalale kufika ku inzake. Magawo awiri amakhala oonekera ku intaneti, `10.0.1.0/24` m'zoni yoyamba ndi `10.0.2.0/24` m'zoni yachiwiri, ndipo m'menemo ndi mokhala lodi balansa. Awiri enawo ndi obisika, mokhala maseva. Sabuneti ya lodi balansa siyenera kuchepera `/27`, kutanthauza maadiresi 32, ndipo asanu ndi atatu azikhala opanda mwini nthawi zonse, chifukwa anthu akachuluka lodi balansa imadziwonjezera nthambi ndipo nthambi iliyonse imafuna adiresi. Amene amaumira pamenepa amadzaona vuto pa tsiku la malonda ambiri, pamene lodi balansa ikufuna kukula koma malo palibe.

```
aws elbv2 create-load-balancer --name sitolo \
  --subnets subnet-aaa subnet-bbb \
  --security-groups sg-khomo
```

Kenako pamabwera mipanda iwiri, imene AWS imaitcha security groups. Mpanda wa lodi balansa umalola aliyense kulowa pa poti 443. Mpanda wa maseva umalola poti 8080 kwa lodi balansa yokha, ndipo lamulolo limatchula dzina la mpanda woyamba uja m'malo mwa maadiresi, popeza maadiresi a nthambi amasinthasintha. Zikatero maseva anayi aja amalembetsedwa m'gulu limodzi lotchedwa target group, ndipo khutu la lodi balansa, listener, limauzidwa kuti chilichonse chofika pa 443 chizipita ku gululo. Setifiketi ya HTTPS imapachikidwa pa khutu lomweli.

Zonsezi munthu wozolowera amazimaliza tiyi asanazizire. Pofunika kukhazikika mtima ndi pa gawo lotsatira.

Manambala anayi

Lodi balansa imapima thanzi la seva iliyonse monga amachitira ku sikelo ya ana: kawirikawiri, mofanana, ndi kulemba zotsatira. Imatumiza pempho laling'ono ku tsamba limene yauzidwa, n'kudikira yankho. Munthu akapanda kusintha kalikonse, imafunsa pa masekondi 30 aliwonse, imadikira masekondi 5, imachotsa seva ikalephera kawiri motsatizana, ndipo imaibwezera ikapambana kasanu motsatizana. Yankho lovomerezeka ndi nambala 200, imene m'chilankhulo cha HTTP imatanthauza kuti zonse zili bwino.

Manambala amenewa amaoneka osalakwa mpaka munthu atawerengera. Seva ikafa itangomaliza kupimidwa, funso lotsatira limabwera patapita masekondi 30, lachiwiri pa 60, ndipo kudikira yankho kumawonjezera ena 5. Kwa masekondi 65 lodi balansa imakhala ikutumizabe anthu ku seva yakufa. Ngati sitolo ija ikulandira mapempho 200 pa sekondi ndipo akugawidwa mofanana kwa maseva anayi, 50 pa sekondi akugwera m'dzenje. Pamodzi ndi mapempho 3,250 a anthu amene akuona 502 kapena 504 m'malo mwa mtengo wa feteleza.

Tsono woyang'anira amafupikitsa:

```
aws elbv2 create-target-group --name sitolo-maseva \
  --protocol HTTP --port 8080 --vpc-id vpc-123 \
  --health-check-path /thanzi \
  --health-check-interval-seconds 10 \
  --health-check-timeout-seconds 5 \
  --unhealthy-threshold-count 2 \
  --healthy-threshold-count 3
```

Apa seva yakufa imadziwika mkati mwa masekondi 25, ndipo mapempho otayika amatsika kufika pa 1,250. Seva yochira imabwerera pa ntchito patapita pafupifupi theka la mphindi, osati mphindi ziwiri ndi theka.

Wina angafunse kuti bwanji osangofunsa pa masekondi 5 aliwonse, ndi kudikira 2, poti AWS imalola kutsika mpaka pamenepo. Yankho lili pa khalidwe la maseva. Seva yamoyo nayo imapuma pang'ono nthawi zina, mwina ikusesa memore kapena yapanikizika ndi lipoti lalikulu. Mlonda wopupuluma amaithamangitsa ili bwinobwino, katundu wake n'kugwera anzake, anzakewo n'kuyamba kuchedwa, nawonso n'kuthamangitsidwa. N'chifukwa chake nthawi yodikira imayenera kuposa nthawi imene tsambalo limatenga pa ola lotanganidwa kwambiri. Kuyeza m'bandakucha, kulibe munthu, kumanamiza.

Funso lake likhale lotani

Tsamba la `/thanzi` amalemba ndi mwini pulogalamu, ndipo m'menemo ndi mmene muli nkhani yonse.

Njira yophweka ndi kuika fayilo yongonena kuti zili bwino. Imayankha msanga ndipo siilephera. Vuto lake ndi lomwelo: siilephera ngakhale pamene pulogalamu yeniyeni yafa, disiki yadzaza, kapena makonzedwe atsopano alakwika. David Yanacek, katswiri wa ku Amazon, anafotokoza m'nkhani yake ya mu Amazon Builders' Library mmene seva yodwala ingasandukire dzenje lomeza anthu. Seva yobweza masamba opanda kanthu imayankha mofulumira kuposa zinzake zogwira ntchito yeniyeni. Lodi balansa yokonda kutumiza kwa amene alibe mzere imaiona ngati yakhama, ndipo imaiunjikira makasitomala ochuluka.

Njira inayo ndi kufunsa zonse. Tsamba lipime detabesi, lipime kampani yolipirira ndalama, lipime makina otumiza mauthenga a pa foni, ndipo chimodzi chikalephera linene kuti seva yadwala. Zimamveka zanzeru, koma maseva anayi aja amamwa pa chitsime chimodzi. Detabesi ikachedwa pang'ono, onse anayi amadzinenera kuti adwala pamene palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi vuto.

AWS inaganizirapo za zimenezi. Maseva onse a m'gulu akapezeka odwala nthawi imodzi, Application Load Balancer imaleka kumvera zotsatira za kupima, n'kumatumiza anthu kwa onse, poganiza kuti yankho lokayikitsa liposa khomo lotseka. Koma munthu akapanda kusintha makonzedwe, chitetezo chimenechi chimagwira pokhapokha onse agwe. Choopsa chili pakatikati: detabesi ikuchedwa mwa apo ndi apo, maseva atatu alephera, imodzi yapambana mwamwayi, ndipo khamu lonse lathamangira kwa imodziyo mpaka kuithyola msana.

Palinso msampha wina kwa amene amagwiritsa ntchito Auto Scaling, chida chowonjezera ndi kuchotsa maseva chokha. Chikauzidwa kuti chizikhulupirira zotsatira za lodi balansa, seva iliyonse yonenedwa kuti yadwala chimaipha n'kudzutsa yatsopano. Zimenezi n'zabwino seva imodzi ikawonongeka. Koma ngati cholakwa chili ku detabesi, chidachi chimayamba kupha maseva abwino, ndipo atsopanowo akafika amalephera mayeso omwewo.

Akatswiri ambiri amaima pakati. Tsamba la `/thanzi` limadutsa m'pulogalamu yeniyeni, ndipo limapima zinthu za seva imeneyo yokha: kodi pulogalamu yadzuka mokwanira, kodi disiki ikulembeka, kodi makonzedwe awerengedwa, kodi ogwira ntchito a m'kati sanakakamire onse. Zinthu zogawana, monga detabesi, zimakhala ndi belu lakelake lodzutsa munthu. Muyezo wake ndi funso limodzi: kodi kasitomala uyu atatumizidwa ku seva ina, angathandizike? Ngati inde, chinthucho chilowe m'mayeso. Ngati maseva onse angamuyankhe chimodzimodzi, kuchotsa seva sikuchiza kanthu.

Kuwerenga zizindikiro

Kawirikawiri tsiku loyamba maseva onse anayi amaoneka ofiira. Lamulo lofunsira chifukwa chake ndi ili:

```
aws elbv2 describe-target-health \
  --target-group-arn <arn>
```

Yankho limatchula mkhalidwe wa seva iliyonse ndi chifukwa chake, ndipo mawu atatu ndi amene amabwera pafupipafupi.

`Target.Timeout` amatanthauza kuti funso linapita koma yankho silinabwere. Pa tsiku loyamba, cholakwa chimakhala mpanda wa maseva umene sunatsegulire lodi balansa poti 8080. Njira yotsimikizira ndi kuyang'ana m'kaundula wa seva. Mafunso a mlonda amasaina dzina lakuti `ELB-HealthChecker/2.0`. Dzinalo likasowa m'kaundula, ndiye kuti funso silikufika n'komwe. Likamaoneka kangapo m'masekondi khumi, palibe chodabwitsa, chifukwa nthambi iliyonse imapima payokha.

`Target.ResponseCodeMismatch` amatanthauza kuti seva yayankha, koma osati 200. Nthawi zambiri imakhala 301 kapena 302, pulogalamu ikukankhira mlonda ku HTTPS kapena ku tsamba lofunsa mawu achinsinsi. Olemba ndi Django amakumana ndi 400, chifukwa mlonda amaitana seva ndi adiresi yake ya m'kati osati dzina la sitolo, ndipo adiresiyo mulibe mu `ALLOWED_HOSTS`. Ena akatopa amangouza lodi balansa kuti ivomere nambala iliyonse kuyambira 200 mpaka 499. Zofiira zimasanduka zobiriwira, koma mlonda amakhala watsekedwa maso, chifukwa ngakhale tsamba losowa limapambana mayeso.

`Target.NotInUse` amabwera seva ikakhala m'zoni imene lodi balansa sinapatsidwe. Wina akadzutsa seva yachisanu mu `af-south-1c`, imalembetsedwa bwinobwino koma siilandira pempho ngakhale limodzi.

Masamu a mazoni awiri

Mlonda angagwire ntchito yake mwaluso, zoni yoyamba n'kuchotsedwa m'masekondi 25, sitolo n'kugwabe. Chifukwa chake ndi masamu a ku pulayimale. Ngati maseva anayi aja amatanganidwa kufika pa 70 peresenti pa ola la anthu ambiri, awiri otsalawo amafunika kusenza 140 peresenti aliyense. Sangathe. Amayamba kuchedwa, amalephera mayeso, ndipo ngozi ya zoni imodzi yagwetsa onse awiri.

Ndi mazoni awiri, zoni iliyonse iyenera kukwanitsa katundu yense payokha. Sitolo ija imafunika maseva anayi mbali iliyonse kuti otsala akhale pa 70 peresenti tsiku loipa, kutanthauza kuti masiku abwino onse asanu ndi atatu amayenda pa 35 peresenti. Ndi ndalama zenizeni, za madola. Mazoni atatu amapeputsa mtolowu: awiri m'zoni iliyonse, asanu ndi mmodzi pamodzi, ndipo zoni imodzi ikazima anayi amatsala. Kudalira kuti maseva atsopano adzadzutsidwa ngozi itagwa n'koopsa, chifukwa pa ola limenelo makampani ena onse a m'zoni yakufayo nawonso akuthamangira malo omwewo.

Pali zinthu zina zitatu zimene zimabisala m'zoni imodzi mwini wake osadziwa. Choyamba ndi NAT gateway, khomo limene maseva obisika amatulukira popita ku intaneti. Nthawi zambiri limakhala m'zoni imodzi, ndipo amene anagula limodzi lokha pofuna kusunga ndalama amapeza kuti maseva a zoni yamoyo sakuthanso kufikira kampani yolipirira. Chachiwiri ndi detabesi. Ya RDS yokhala ndi mnzake wodikira m'zoni ina imasamuka yokha, kawirikawiri pakati pa mphindi imodzi ndi ziwiri, ndipo pulogalamu iyenera kudziwa kulumikizanso. Chachitatu ndi dengu la kasitomala. Likasungidwa m'memore ya seva imodzi, munthu amasamutsidwa bwinobwino kupita ku seva ina n'kupeza zonse anasankha zasowa.

Nalonso dzina la lodi balansa lili ndi nkhani yake. AWS imapereka dzina la DNS, osati adiresi yokhazikika, ndipo dzinalo limaloza ku nthambi za m'mazoni onse awiri. Yankho la DNS limakhala ndi moyo wa masekondi 60. Nthambi ya zoni yodwala ikachotsedwa pa mndandanda, foni kapena pulogalamu imene inasunga adiresi yakale imagogodabe pa khomo lotseka mpaka itafunsanso. Amene anakopera adiresi ya nthambi imodzi n'kuilemba m'makonzedwe ake wadzimangirira ku zoni imodzi.

Ndipo zoni siimafa kotheratu nthawi zonse. Nthawi zina imangodwaladwala: mapempho asanu ndi anayi akudutsa, lakhumi likutayika, mayeso a thanzi n'kumapambana. Pa matenda otere AWS inatulutsa mu 2022 chida chotchedwa zonal shift, cholola munthu kulamula kuti anthu onse achoke m'zoni yakutiyakuti kwa nthawi imene watchula, osadikira kuti mlonda akhutire.

Kuzimitsa dala

Lodi balansa nayonso ndi makina oyendetsedwa ndi anthu. Pa 24 Disembala 2012, wogwira ntchito wina ku AWS anafufuta mwangozi zolembedwa zoyendetsera malodi balansa a m'dera la Virginia, ndipo ambiri oonera Netflix ku America anagona usiku wa Khirisimasi opanda kanema. Ngozi ya dera lonse ngati imeneyo mazoni awiri sangaitchinge. Chimene angatchinge ndi cha mtundu wa ku Tokyo, ndipo njira yodziwira ngati akutchingadi ndi kuyesa masana, anthu onse ali maso.

Woyang'anira sitolo ija amasankha ola la makasitomala ochepa. Pa kompyuta imodzi amaika kapulogalamu kofunsa tsamba la sitolo sekondi iliyonse ndi kulemba nambala yobwera. Pa ina amatsegula gululo kuti aziona mitundu ikusintha. Kenako amaimitsa pulogalamu pa maseva onse a mu `af-south-1a` nthawi imodzi, n'kuyang'ana wotchi.

Kwa masekondi pafupifupi 20, theka la mayankho limakhala 502. Kenako maseva aja amasanduka `unhealthy`, mzere wa 200 n'kubwerera osadukaduka. Pamenepo amayang'ana `UnHealthyHostCount` mu CloudWatch ngati yakwera, ndiponso ngati belu lafika pa foni ya amene ali pa ntchito, chifukwa lodi balansa yogwira bwino imabisa ngozi, ndipo sitolo ingayende ndi mwendo umodzi sabata yathunthu popanda wodziwa. Amayesa kugula thumba limodzi la mbewu mpaka kulipira. Amaona kutanganidwa kwa maseva otsala.

Akadzutsa pulogalamu ija, amawerenga mayeso atatu opambana, ndipo maseva amabwerera ku `healthy`. Amayesanso kuchotsa seva mwaulemu, monga zimachitikira poika pulogalamu yatsopano. Seva imalowa mu `draining`, siilandiranso anthu atsopano, koma imapatsidwa mpata womaliza amene ili nawo. Mpatawo ndi masekondi 300 munthu akapanda kusintha, ndipo sitolo imene mapempho ake amatha m'masekondi awiri imautsitsa kufika pa 30.

Manambala onse amalembedwa m'buku la ntchito, pamodzi ndi tsiku. Sabata yotsatira amabwereza zomwezo ndi `af-south-1b`, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli detabesi yaikulu, ndipo mwina ndi kumenenso wina anaika NAT gateway imodzi yokha ija.